Musasaine Simenti Isanawerengedwe

Anzanga ogwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba zosungira katundu muno mu Lusaka, lole ikafika dalaivala amakhala wachangu, koma cholembera chiyambe chadikira. Yalani mapepala atatu patebulo: oda yomwe munatumiza, delivale noti yobwera ndi katundu, ndi invoisi.

Tinene kuti munaoda matumba 100 a simenti a makilogalamu 50, pa K150 thumba limodzi. Invoisi ikuti K15,000, ndipo delivale noti nayonso ikuti 100. Mapepala agwirizana, koma zimenezo sizikutsimikizira kuti simentiyo yafika yonse. Werengani nokha potsitsa, musanjike khumikhumi. Mukapeza 96, ndipo awiri mwa iwo anyowa n'kuuma ngati mwala, mwalandira 94 basi.

Lembani pa delivale noti pomwepo kuti mwalandira 94, anayi asowa, awiri abwezedwa. Dalaivala asaine pambali panu, kope imodzi itsale kwa inu. Mukasaina osalemba kanthu, mwavomera 100, ndipo kudandaula mawa kumavuta kwambiri.

Onaninso nambala ya oda ndi mtengo pa invoisi, chifukwa nthawi zina zimasiyana ndi zomwe zili pa oda yanu. A maakaunti asalipire mpaka wogulitsa atumize kirediti noti, pepala lochotsa pa invoisi K900 ya matumba asanu ndi limodzi aja.