Lekani kupikisanitsa matimu pa mapointi

M'miyezi yapitayi ndaona mabwana m'maofesi opanga mapulogalamu a kompyuta akutsegula Jira, pulogalamu yolondolozera ntchito za matimu, n'kuika matchati a matimu awiri pamodzi, kenako n'kufunsa kuti: "Anzanuwa akukwanitsa mapointi 40 pa sipurinti, nanga inu 20 bwanji?" Pepani abwana, funso limeneli likukuonongerani ntchito.

Velosite ndi chiwerengero cha mapointi a ntchito zomwe timu yamaliziratu m'sipurinti imodzi, yomwe ndi nyengo yaifupi yoikika yogwirira ntchito. Koma pointiyo ilibe muyezo wa dziko lonse. Timu iliyonse imasankha kantchito kamodzi kodziwika, n'kukapatsa nambala, ndipo zina zonse imaziyerekeza ndi kameneko. Zili ngati ndowa zapamsika: wogulitsa aliyense ali ndi yake, ina yotakasuka, ina yoponderezedwa pansi, koma zonse amazitchula ndowa.

Tiyerekeze kuti timu yoyamba imati fomu yolembetsera kasitomala ndi mapointi 5, pomwe yachiwiri imati fomu yomweyo ndi mapointi 2. Mapointi 40 a oyambawo ndi mafomu 8. Mapointi 20 a achiwiriwo ndi mafomu 10. Amene mukuwakalipirawo ndiwo akugwira ntchito yambiri! Komanso mwina iwo sawerenga ntchito mpaka itayesedwa n'kufika kwa makasitomala, pomwe enawo amawerenga khodi ikangolembedwa.

Chikundidandaulitsa n'chimene chimatsatira. Anthu si opusa. Mnyamata wina wolemba mapulogalamu anandiuza akuseka kuti: "Atatiyerekeza ndi timu inayo, tinangogwirizana kuti 3 aliyense azikhala 5, ndipo 5 azikhala 8. Velosite inakwera, abwana anatigulira zakumwa. Ntchito inali yomweyo." Ena amayamba kudumpha kuyesa khodi kuti khadi la ntchitoyo lifike msanga pa `Done`, malo a ntchito zomalizidwa, ndipo mabagi, kapena kuti zolakwika za m'pulogalamu, amadzabwera mwezi wotsatira. Kuthandiza mnzako wa timu ina kumatha, poti kulibe pointi. Mudzazindikira matendawa mukaona mapointi akukwera koma zinthu zatsopano zofika kwa makasitomala zili zomwezo, madandaulo akuchuluka.

Chizolowezi chofuna nambala imodzi yolozera waulesi n'chakale, ndipo chikukana kufa. N'chimodzimodzi ndi kale lija powerenga mizere ya khodi yomwe munthu walemba patsiku. Ngakhale Scrum Guide ya 2020, yomwe imalongosola kagwiridwe ka ntchito ka masipurinti, sitchula velosite n'komwe, koma m'misonkhano imamveka ngati lamulo.

Ndiye chochita n'chochepa. Velosite ikhale ya timu yokhayo, poneneratu tsiku lomaliza. Tengani masipurinti atatu apitawa, mwachitsanzo 18, 22 ndi 20, pakatikati pake ndi 20. Ngati ntchito yotsala ili mapointi 120, mukufunika masipurinti 6, kapena kuti masabata 12 ngati sipurinti ili ya masabata awiri. Ntchito yosatha musaiwerenge theka. Munthu akachoka kapena kulowa m'timu, nambala zakale musazidalire mpaka patadutsa masipurinti angapo. Ndipo ngati abwana akufunitsitsa chowerenga, awerenge masiku amene pempho la kasitomala limatenga kuchokera poliyamba mpaka kumufikira.