Invoyisi ya simenti yakanidwa kulipiridwa mu SAP

Invoyisi ya wogulitsa simenti inakhala milungu ili ndi chizindikiro cha R mu SAP, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera zogula ndi malipiro a kampani, kutanthauza kuti makina aletsa kulipira. Wogulitsayo ankaimba foni tsiku ndi tsiku, ndipo sankalakwa, katundu anaperekadi.

Tinayamba kukayikira mtengo, koma wa pa oda ndi wa pa invoyisi unali umodzi. Mnzanga anafuna kuimasula pamanja mu MRBR, gawo la SAP lomasulira mainvoyisi oletsedwa. Ndinakana, chifukwa makinawo amafananitsa zinthu zitatu: oda, katundu wolandiridwa ndi invoyisi. Akakana, nthawi zambiri china mwa zitatuzi chimakhala chasemphana.

Ndinatsegula oda mu ME23N, gawo loonera maoda, n'kuona mbiri yake. Pempho logula linali la matumba 200, oda 200, invoyisi 200, koma olandiridwa 150 okha. Apa m'pamene panagona nkhani. Ndinapita kosungira katundu wathu n'kupempha mapepala obwera ndi katundu. Anali awiri: lole yoyamba inatsitsa matumba 150, yachiwiri 50 Loweruka, kalaliki kulibe. Mlonda anasaina, pepalalo n'kulowa m'dirowa. Tinawerenga matumba aja limodzilimodzi kalaliki asanalembe kanthu, chifukwa kulemba katundu amene sunamuone n'kulipira mpweya.

Kalaliki analemba matumba 50 otsalawo mu MIGO, gawo lolembera kulowa ndi kutuluka kwa katundu, pa mtundu 101 wa katundu wolandiridwa, pa oda yomweyo. Kenako MRBR inaonetsa kuti chifukwa choletsera chatha, ndipo invoyisi inamasuka. Sitinawononge ndalama iliyonse. Tsopano katundu wofika Loweruka amalembedwa Lolemba m'mawa.