Waya wakuda si nyutirolo nthawi zonse

Mukamawonjezera soketi m'nyumba zakale za kuno ku Mangochi, musakhulupirire mtundu wa waya musanayeze. Ife tinatengera dongosolo la ku Britain, ndipo kumeneko mitundu inasintha. Kale waya wamoto unali wofiira, pomwe nyutirolo, waya wobweza magetsi, unali wakuda. Kuyambira 2004 anayamba kutsatira maiko ena a ku Ulaya, wamoto n'kukhala wa bulauni, nyutirolo wa buluu. Waya wa efi, wopita m'nthaka, ndi wobiriwira wosakanizika ndi chikasu, koma wakalekale unali wobiriwira basi. Mitundu imasiyana chifukwa dziko lililonse linkakhazikitsa malamulo ake, kugwirizana kunabwera mochedwa. Ku South Africa mawaya a m'khoma akadali ofiira ndi akuda, ndiye waya umene achibale abwera nawo kuchokera ku Joni ungasiyane ndi wogula pa Boma.

Choopsa chenicheni chili pa wakuda ndi wa buluu. Pa magetsi a mafezi atatu, monga a kuchigayo, kale wa buluu unali wamoto. Lero pa magetsi omwewo wakuda ndiye wasanduka wamoto. Ku America nakonso wakuda ndi wamoto, nyutirolo n'woyera, komanso zipangizo zawo zambiri n'za mavolti 120 pomwe athu ndi 230.

Mukatsegula bokosi n'kupeza wofiira ndi wakuda, m'manja muli waya watsopano, bulauni alumikizane ndi wofiira, buluu ndi wakuda. Koma yambani mwayesa tesita pa soketi yoyaka, kenako muthimitse meni switchi n'kuyeza waya uliwonse. Pa switchi ya nyale amisiri ena amadutsitsa moto pa waya wakuda osaika chizindikiro chofiira.