Mizere iwiri polemba maganizo a wodwala

Anzanga a m'zipatala muno mu Kasungu, poyeza wodwala m'maganizo ndimalemba mizere iwiri: kayendedwe ka maganizo, ndi zimene akuganizazo. Mawu akuti "wasokonezeka" ndinawasiya, sanena kanthu.

Bambo wina ndinamufunsa za tulo. Anayamba za fodya, kudumphira pa njinga, kenako maliro, funso langa osalibwerera. Mzere woyamba: "Amasiya nkhani pakati, mfundo sizilumikizana, sabwerera pa funso." Akanazungulira n'kufikapo, ndikanalemba kuti amazungulira koma amafika.

Mzere wachiwiri ndinalemba mawu ake enieni: "Wailesi ikunena za ine." Ndinaonjeza kuti sagwedezeka ngakhale abale amutsutse, ndipo maganizo odzipha wakana.

Wina amalankhula mwadongosolo bwinobwino koma zimene akukhulupirira zili zosatheka. Mukaphatikiza mizereyi, wobwera mawa sadziwa chimene chasintha ndi mankhwala.