Kupemphera mwana chilolezo kusukulu kuti adwazike mng'ono wake

"Mwana wanga wamng'ono wadwala malungo, ine ndili kuntchito tsiku lonse. Mkulu wake wa Sitandade 8 ayenera kutsala kuti amuyang'anire. Ndiwadziwitse bwanji aphunzitsi?"

Pepani ndi matenda. Choyamba, uthenga ufike m'mawa womwewo, aphunzitsi asanaitane maina m'kaundula. Mukachedwa, mwanayo alembedwa kuti wajomba.

Pitani nokha kwa aphunzitsi a kalasi yake. Ngati nthawi palibe, aimbireni foni kapena lembani kakalata kafupi, mupatsire mnzake wa m'kalasi wokhulupirika. Uthenga wapakamwa wotumiza ana umasokonekera panjira. Mulembe tsiku pamwamba, kenako motere:

"Aphunzitsi, mwana wanga (dzina), wa Sitandade 8, sabwera kusukulu Lachiwiri ndi Lachitatu chifukwa akudwazika mng'ono wake. Abwera Lachinayi. Chonde mutiuze ntchito yoti azichita kunyumba." Musaine ndi kuika nambala yanu ya foni.

Tchulani tsiku lobwerera, musangoti "akachira". Mankhwala a LA amamwa masiku 3, kawiri patsiku, choncho mukhoza kuwerengera. Matenda akapitirira, kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu, mutatenga buku la kuchipatala la wodwalayo ngati umboni.

Koma ine ndikupemphani, yambani mwafunsa agogo, azakhali kapena aneba, chifukwa wa Sitandade 8 ali ndi mayeso a MANEB kutsogolo. Ndipo wodwalayo akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kukana kumwa, musamusiyire mwana mnzake. Thamangirani naye kuchipatala nokha.