Momwe mungafotokozere wogula kusiyana kwa mtengo wa EXW ndi mtengo wofikitsa katundu

Ndimagulitsa nyemba pa Lizulu, ndipo funso la ogula a ku Blantyre silisintha: "Bwanji mitengo iwiri pa kotesheni imodzi?"

Choyamba, musayambe ndi zilembozo. Auzeni kuti, "Bwana, EXW Lizulu ndi mtengo wodzatengera nokha pamosungira katundu panga. Lole ndi yanu, aganyu okweza ndi anu, ndipo matumba akanyowa panjira nkhani ndi yanu." Pa malamulo a zamalonda a Incoterms 2020, komwe zilembozi zimachokera, wogulitsa pa EXW sakakamizidwa ngakhale kukweza katunduyo. Mtengo wofikitsa, umene timalemba DAP, ndiye kuti ulendo ndi zogwa panjira zili pa ine mpaka lole itaima pamalo amene tagwirizana.

Kenako awerengereni pamaso pawo. Tiyerekeze matumba 100 a makilogalamu 50, thumba K100,000 EXW. Lole ya matani 5 yati K600,000, kuphatikiza ya pageti ya Chingeni. Okweza K50,000. Zonse K650,000, kugawa pa matumba 100 ndi K6,500. Ndiye DAP ndi K106,500 pa thumba. Akaona okha kuti K6,500 ija si phindu langa, mkangano umatha. (Madalaivala obwerera opanda katundu amatchipa, koma chenjerani ndi amene amafuna ndalama yonse ya dizilo lole musanaione.)

Pamene ndinapsa ine ndi pa dzina la malo. Ndinangolemba DAP Blantyre. M'mutu mwanga munali Limbe, pamsewu wa phula. Titafika, mayi wogulayo anaimba foni kuti, "Achimwene, bwerani nazo ku Bangwe, kumtunda kuno." Dalaivala anazimitsa injini n'kunena kuti sasuntha popanda ndalama yowonjezera. Ndinalipira, poti Bangwe ndi Blantyre yemweyo ndipo pepala ndinalemba ndekha. Tikufika pageti pa mayiwo dzuwa litapendeka, panalibe ndi mmodzi yemwe wotsitsa. Mayiwo ankaganiza kuti "kufikitsa" ndi mpaka thumba litalowa m'sitolo, pamene pa DAP kutsitsa ndi kwa wogula. Lole inagona pomwepo, ine ndili pamwamba pa matumba kulondera. Ndiye lembani dera, msewu ndi dzina la nyumba, ndipo pansi pake muonjezere m'Chichewa chomveka kuti otsitsa ndi a wogula. Akafuna kuti mutsitse ndinu, chilembo chake ndi DPU, ndipo ganyu wa otsitsa alowe mu mtengo.

Zotsalazo n'zachidule. Lembani masiku amene mtengo wa DAP ukhale ukugwira ntchito, chifukwa dizilo akakwera mwini lole sakudikirani. Pa EXW, muwerengere limodzi matumba ndi dalaivala wa wogula, asayine lole isananyamuke. Kotesheniyo itumizeni pa WhatsApp ndipo akuyankheni polemba mtengo umene asankha.