Masilaidi asokonekera? Akonzeni kamodzi pa Slide Master

Mwezi watha mlembi wa gulu lina la alimi a tiyi kwathu kuno ku Thyolo anandibweretsera lipoti la pachaka la masilaidi 24 a PowerPoint. Analemba anthu atatu, aliyense pa laputopu yake, kenako n'kuphatikiza. Mitu ina inali mu Calibri, ina mu Times New Roman, ya msungichuma yofiira psuu, ndipo chizindikiro cha gulu chinkangoyendayenda, apa kumanja, apo kumanzere. Mayiwo anali atayamba kukonza imodziimodzi, koma anatopera pa ya nambala 7.

Tinakonza motere, ndipo inunso mungatero. Musanakhudze kanthu, sungani kope lina la fayiloyo.

Dinani View, kenako Slide Master. Kumanzere muona silaidi yaikulu pamwamba ndi ting'onoting'ono tondondozana pansi pake. Yaikuluyo ndiye kholo, ting'onoting'onoto ndi ana ake, monga Title Slide ndi Title and Content. Chimene mwasintha pa kholo chimatsikira kwa ana onse, pomwe chimene mwasintha pa mwana chimathera pomwepo. Ambiri amalakwitsa apa, chifukwa PowerPoint imakutsegulirani pa mwana. Kwerani kaye pamwamba penipeni.

Tsopano werengani makolo. Ife tinapeza atatu. Zimatero munthu akamata masilaidi a mnzake atasankha Keep Source Formatting, chifukwa amabwera ndi kholo lawo. Mukaika kalozera pa mwana aliyense osadina, amakuuzani masilaidi amene akumugwiritsa ntchito. Sankhani kholo limodzi lotsala, tulukani ndi Close Master View, sankhani masilaidi obwerawo, ndipo pa Home, Layout muwapatse mwana wa kholo limenelo. Mukatero bwererani, makolo enawo muwachotse ndi Delete Master. Ulendo wina pomata muzisankha Use Destination Theme.

Pa kholo lotsalalo dinani Fonts, Customize Fonts. Pali malo awiri okha: Heading font ya mitu ndi Body font ya mawu ena onse. Ife tinaika Arial monsemo. Si yokongola kwenikweni, koma imapezeka pafupifupi pa kompyuta iliyonse, ndipo ŵ wa mu Malaŵi amatuluka bwinobwino. Fonti zokongola zotsitsa pa intaneti zimakuchititsani manyazi pa laputopu yobwereka. Kukula kwa mutu tinaika 36, mawu a pansi 24, kuti wokhala kumbuyo kwa holo asamachite kutsinzinira.

Mitundu ili pa Colors, Customize Colors. Pali mabokosi 12, koma musavutike nawo onse. Text/Background - Dark 1 ikhale yakuda, Light 1 yoyera, ndipo pa Accent 1 ikani mtundu wa gulu lanu. Ife tinaika wobiriwira wa masamba a tiyi, wakuderako, poti wowala umazilala pa pulojekita masana. Chizindikiro chiikeni pa kholo lomwelo ndi Insert, Pictures, pakona pomwe sichikhudza mutu. Zakale zija zomwe zinamatidwa pa silaidi iliyonse muzichotsa pamanja, apo ayi zioneka ziwiriziwiri.

Titadina Close Master View, mayi aja anayang'ana n'kuti, “Achimwene, nanga mitu yofiira ija bwanji idakalipo?” Zoonadi. Kholo sililanda zimene munthu anasintha ndi dzanja lake pa silaidi. Mankhwala ake ndi Reset. Dinani silaidi imodzi pa mndandanda wa kumanzere, Ctrl+A kuti musankhe onse, kenako Home, Reset. Mitu yonse imabwerera pamalo ake ndi fonti, kukula ndi mtundu wa kholo. Dziwani kuti Reset imafufutanso zimene munachita dala, monga mawu amene munawapaka mtundu wina kuti aoneke. Kope lija ntchito yake ndi imeneyi.

Masilaidi asanu anakanabe. Msungichuma sanalembe m'mabokosi okhalamo kale aja a Click to add title, anachita kujambula ake ndi Insert, Text Box, ndipo Reset siwakhudza amenewo. Kuti muwagwire, dinani View, Outline View: mawu a m'mabokosi ojambula pamanja satuluka pamenepo, ndiye silaidi yooneka yopanda mutu pomwe mutu ulipo ndi imeneyo. Palibe chidule. Ipatseni Title and Content pa Layout, dulani mawuwo, muwamate m'bokosi loyenera posankha Keep Text Only, bokosi lakalelo mulichotse.

Fonti yachilendo ikatsalira m'matebulo, pitani pa Home, dinani kamuvi ka pa Replace, musankhe Replace Fonts. Mzere kapena bokosi likakana kusintha mtundu, ndiye kuti analipaka kuchokera pa Standard Colors, lipakeninso kuchokera pa Theme Colors.

Pomaliza tinasunga kope lopanda mawu ngati PowerPoint Template, fayilo yothera ndi .potx, n'kutumizira onse atatu kuti lipoti la chaka chamawa adzayambire pamenepo.